Kamzere koyera kozungulira munthu pa posita: kudula masiki, Defringe, kapena kupaka?

Fodya akagulitsidwa ndipo maukwati ayamba kutsatizana Loweruka lililonse, mashopu opanga makhadi ndi maposita pa Kasungu boma amalandira zithunzi zofanana kwambiri. Anthu awiri ayima kutsogolo kwa khoma loyera, wina wawajambula ndi foni, chithunzi chadutsa pa WhatsApp kuchokera ku Santhe kapena ku Chamama. Eni ake safuna khomalo. Akufuna kumbuyo kukhale buluu wakuda kapena maruni, mayina alembedwe mwa golide. Dizaina amawadula bwinobwino, koma akangowaika pa mtundu wakudawo pamatuluka kamzere koyera kotsata phewa, khutu ndi tsitsi. Mayi wina ataona khadi lake pa sikirini anafunsa kuti, "Achimwene, bwanji amuna angawa akuoneka ngati mwawadula ndi sizasi m'nyuzi?"

Njira zochotsera kamzereka mu Photoshop zilipo zingapo, ndipo anthu amakangana kuti yabwino ndi iti. Mkanganowo umaphonya chinthu chimodzi. Njira zina zimadula, kutanthauza kuti zimabweza malire a chodulidwacho m'kati kuti kamzere kabisike. Zina sizidula kalikonse, zimangosintha mtundu wa mapikiselo a m'mphepete. Chithunzi chimodzi cha ukwati chimafuna zonse ziwiri, koma pa malo osiyana.

Kamzereka kamachokera kuti

Kamera siika malire akuthwa pakati pa suti ndi khoma. Pikiselo imene yagwera pamalire penipeni imatenga pang'ono kuchokera ku suti, pang'ono kuchokera ku khoma. Pa muyeso wa kuwala woyambira 0 kufika 255, tinene kuti suti ya mkwati ili pa 30 ndipo khoma lili pa 240. Pikiselo yogawana pakati ikhala pa 135, yotuwa. Ili pa khoma loyera simungaizindikire. Koma mukachotsa khoma n'kuika buluu amene ali pa 20, pikiselo ija yakhala pakati pa 30 ndi 20, ndiye imawala yokha. Mzere wonse wa mapikiselo oterewa ndi umene timauona.

WhatsApp imawonjezera vutoli. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa, kawirikawiri kufika pafupifupi mapikiselo 1600 mbali yaitali, n'kufinyidwa ngati JPEG, ndipo kufinyako kumasiya timadontho m'mbali mwa chilichonse chakuda chimene chili pa choyera. Foni nayonso imanola chithunzi payokha, zimene zimawalitsa mbali ya khoma yoyandikana ndi munthu. Malire amene akanakhala pikiselo imodzi amasanduka awiri kapena atatu.

Kukula kwa vutoli kumadalira kumene chithunzi chikupita. Pa khadi losindikizidwa pa 300 ppi popanda kukulitsa, pikiselo imodzi sikwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Koma chithunzi chomwecho cha mapikiselo 1600 mukachitambasula pa bana ya mamita 2 yokaimika pakhomo pa holo, pikiselo iliyonse ndi mamilimita 1.25, ndipo kamzere ka mapikiselo awiri kafika mamilimita 2.5. Aliyense wobwera kudzafupa akaona.

Musanasankhe njira, ikani leya ya Solid Color pansi pa anthuwo, ya mtundu weniweni umene ukhale kumbuyo, n'kukulitsa sikirini kufika 300%. Timabokosi totuwa ndi toyera timene Photoshop imaonetsa pa malo opanda kanthu timabisa kamzere, n'chifukwa chake ambiri amakatulukira ntchito itatha. Kenako yendani m'mphepete monse mukudzifunsa funso limodzi: pamenepa ndikadula pikiselo imodzi, nditaya chiyani? Pa phewa la jekete simutaya kanthu. Pa ndolo, pa magalasi ndi pa tsitsi mutaya chinthu chenichenicho.

Defringe

Ili pa Layer > Matting > Defringe, ndipo imafunsa chinthu chimodzi chokha, Width. Imatenga mtundu wa mapikiselo a m'katikati n'kuuika m'malo mwa mtundu wa mapikiselo a m'mphepete. Sidula, kotero phewa limakhala kukula kwake komweko. Pa 1 px kapena 2 px, pa chinthu cha malire olimba ndi mtundu umodzi, imamaliza ntchito kamodzi n'kamodzi. Botolo la mafuta ophikira pa posita ya golosale, thumba la feteleza, logo ya sukulu yomwe yabwera ili pa pepala loyera: zonsezi Defringe imazikwanitsa.

Ambiri amati sigwira ntchito chifukwa amaiyesa pa leya yokhala ndi masiki. Defringe imayang'ana pamene mapikiselo enieni a leya athera, pomwe masiki amangobisa, khoma likadali pompo kuseri. Choncho muyenera kupanga kope ndi Ctrl+J, kudina masiki a kopeyo ndi batani lakumanja, kusankha Apply Layer Mask, ndiyeno Defringe. Apa ndi pamene pali mtengo wake: pa kopeyo simungabwezenso chimene mwachotsa. Leya yoyamba ija muibise, musaifufute.

Mukakweza Width kupitirira 2 kapena 3, mtundu umakokedwa kuchokera kutali ndipo m'mphepete mumatuluka timizere tokhala ngati utoto wayenderera. Zimaoneka msanga pa chitenje kapena malaya a maluwa, pamene wofiira ndi wachikasu ali moyandikana. Pa tsitsi lomwazika ndiye musayembekezere zambiri, chifukwa kachingwe ka tsitsi kopyapyala kalibe "m'kati" moti n'kutengamo mtundu woyenera. Konseko kadasakanikirana kale ndi khoma.

Pansi pa Defringe pali Remove White Matte, imene dzina lake limakopa anthu. Iyi imagwira pa mapikiselo oonekera pang'ono okha, ndipo imawerengera ngati aliyense wa iwo adasakanikirana ndi zoyera zenizeni, n'kuchotsamo gawo loyeralo. Pa logo kapena malemba opangidwa pa kompyuta pa pepala loyera mbee, imachita bwino. Khoma la nyumba lopakidwa laimu kapena penti wa kirimu, lokhala ndi mthunzi wa munthu, si loyera motero. Ndipo ngati munafewetsa malire ndi Feather, mapikiselo ena oonekera pang'ono amakhala a khungu lenileni losasakanikirana ndi khoma. Ikawachotsa zoyera zimene mulibe, amada. Mudzazindikira poona kamzere kakuda kozungulira tsaya ngati wina wadutsapo ndi cholembera. Mukaona zimenezo dinani Ctrl+Z, njira imeneyi si ya chithunzi chimenechi.

Kubweza masiki m'kati

Kwa suti, mapewa, manja ndi mutu wometedwa wa mkwati, ine ndimakonda kudula, chifukwa zonse zimachitika pa masiki ndipo chithunzi chenicheni sichikhudzidwa. Pa masiki zoyera zimaonetsa, zakuda zimabisa, ndiye cholinga ndi kukulitsa zakuda pang'ono.

Njira yachindunji ndi kudina masiki n'kupita ku Filter > Other > Minimum. Radius ya 1 imabweza malire onse pikiselo imodzi. Mu Photoshop CC pansi pake pali Preserve, ndipo mukasankha Roundness mutha kulemba 0.5 kapena 0.7, zimene zimathandiza pa chithunzi chaching'ono. Amene akadali pa CS6, ndipo alipo ambiri m'mashopu athu, alibe mwayi umenewo, Radius imayenda 1, 2, 3 basi. Iwo achite chonchi: pa masiki aike Gaussian Blur ya 0.5 kufika 1, kenako Ctrl+L, n'kukokera kachizindikiro kakuda ka Levels kumanja pang'onopang'ono akuyang'ana phewa. Malire amalowa m'kati mwa kamuyeso kalikonse kamene akufuna, ndipo akakokera kachizindikiro koyera kumanzere malirewo amalimbanso.

Chinsinsi cha Minimum ndi kusaiika pa masiki onse. Pa chithunzi cha mapikiselo 1600, kachingwe ka tsitsi kapena waya wa magalasi amakhala pikiselo imodzi kapena awiri m'lifupi. Minimum imadya mbali zonse ziwiri, ndiye 1 px imachotsa mapikiselo awiri, chinthucho chimangosowa. Tengani Lasso, zungulizani thupi lokha kusiya mutu wa mkwatibwi, ikani Feather ya mapikiselo angapo pa chozungulizacho kuti pasaoneke polumikizira, ndiye muike Minimum. Ngati phewa la kumanja lili ndi kamzere kokulirapo chifukwa kuwala kumachokera uko, lizungulizeni lokha n'kubwereza.

Select and Mask, imene mu CS6 ndi Refine Edge kapena Refine Mask, ndipo zonse zimatseguka ndi Ctrl+Alt+R, ili ndi Shift Edge yochita ntchito yofananayo. Anthu amaikokera mpaka -100% n'kudabwa kuti palibe chikusuntha. Shift Edge imayendetsa malire m'kati mwa gawo lofewa lokha, ndiye ngati munadula ndi Pen Tool kapena Magic Wand malire n'kukhala akuthwa, ilibe poyenda. Yambani ndi Feather ya 0.5 kufika 1 px, kenako Shift Edge cha pa -30%, kenako Contrast cha pa 20% kuti phewa lisaoneke la nkhungu. Ubwino wake kuposa Minimum ndi woti mukuona zotsatira pomwepo. Pa View sankhani On Layers kapena On Black, osati On White.

Kudula kuli ndi malire ake. Kumakhala ngati wometa amene akuwongola mzere wa pachipumi: akachotsa pang'ono uku, pang'ono uko, amapeza walowa m'mutu. Mukapitirira mapikiselo awiri pa chithunzi chaching'ono, khutu limachepa, zala zimaonda, ngodya za kolala zimabulungika. Dinani masiki mutagwira Shift kuti muwazimitse, muyerekeze ndi chithunzi choyamba. Ngati mwadula awiri koma kuyera kukadalipo, chimenecho si kamzere ka malire ayi, ndipo tibwerako.

Decontaminate Colors

Kabokosi aka kali m'munsi mwa Select and Mask, ndipo kanayamba mu CS5. Ganizo lake ndi la Defringe, koma kamagwira limodzi ndi masiki: paliponse pamene masiki ali otuwa, kamasintha mtundu wa pikiselo kukhala wa chinthu chodulidwacho. Pa tsitsi ndi pamene kamaonetsa mphamvu. Mukadutsitsa Refine Edge Brush m'mphepete mwa tsitsi la mkwatibwi n'kuchonga kabokosika, timizere totuwa timada ndipo tsitsi limaoneka lodzaza. Pamene pali Amount, yambirani cha pa 50% m'malo mothamangira 100%.

Popeza kamasintha mapikiselo enieni, Photoshop siilola kuti zotsatira zipite pa masiki akale, imapanga leya yatsopano. Dinani masiki a leya yatsopanoyo mutagwira Shift muone zimene zili kuseri: mtundu wa tsitsi ndi wa khungu wapakika kunja kwa malire, wosokonekera. Tanthauzo lake n'lakuti mukadzafuna kubweza kachidutswa ka khutu popaka zoyera pa masiki amenewo, chotuluka ndi zopakikazo, osati khutu. Vuto lina limabwera pamene mitundu iwiri yakumana m'mphepete. Pamene tsitsi lakuda lagundana ndi velo yoyera, kuda kumalowerera mu velo. Pamene tsaya lakumana ndi tsitsi, khungu limachita mawanga.

Choncho ine sindikachonga pa munthu yense. Ndimakagwiritsa pa kope ya mutu wokha, kenako pa masiki a kopeyo ndimabisa zonse kupatula tsitsi, thupi n'kulisiya pa leya imene ndinaikonza ndi Minimum.

Kupaka ndi dzanja

Iyi ndi yochedwa, koma ndi imene sindinaionepo ikuwononga chithunzi. Pangani leya yopanda kanthu pamwamba pa anthuwo n'kudina Ctrl+Alt+G kuti chilichonse mupake chizioneka pa iwo okha, osatayikira kumbuyo. Sinthani leyayo kuchoka pa Normal kupita pa Darken. Tengani burashi yofewa, gwirani Alt n'kudina pa tsitsi pafupi ndi kamzere kuti mutenge mtundu wake, ndiye muzipaka m'mphepete. Darken imasintha mapikiselo okhawo amene ndi owala kuposa mtundu mukupakawo, ndiye kamzere kamada pomwe tsitsi lakuda kale limakhala mmene linalili. Muzitenganso mtundu mukasuntha pang'ono, chifukwa tsitsi la pamwamba pa mutu ndi la pakhosi silifanana. Musalowe m'kati kwambiri, mungaphe kunyezimira kwa tsitsi n'kulisiya ngati chipewa.

Ena amaika leyayi pa Color chifukwa anaona ikuchotsa kamzere kobiriwira pa munthu wojambulidwa kutsogolo kwa mitengo. Pa kamzere koyera Color sithandiza. Imasintha mtundu koma siikhudza kuwala, ndipo vuto la zoyera ndi kuwala kumene.

Njira yomweyi ndi imene imathetsa kuyera kuja kokana kudulidwa. Munthu akaima atatsamira khoma loyera masana, khomalo limabwezera kuwala pa tsaya, pa khosi ndi pa phewa. Kuwalako ndi kwenikweni, kumalowa mapikiselo 10 kapena kuposa, ndipo pa khungu lakuda kumaonekera kwambiri. Defringe sikufikako, Minimum ingadye nkhope. Apa leya yopakayo iikeni pa Multiply, Flow ya burashi ikhale cha pa 10%, mtundu mutenge pa khungu lomwelo, ndipo mudutse kangapo mpaka kuwalako kuchepe. Musakuthetse konse, nkhope ingaphwatalale. Nthawi zina chanzeru ndi kusalimbana nako: ikani kuwala kofewa pa buluu kuseri kwa mitu yawo, diso limavomereza kuti kuwala kwa pa tsaya kukuchokera kumeneko.

Pa chithunzi cha ukwati chija

Tinene kuti ndi mapikiselo 1200 m'lifupi ndi 1600 m'litali, mkwati ali mu suti yakuda, mkwatibwi ali ndi tsitsi loluka lokhala ndi timizere tomwazika pachipumi, ndolo zazing'ono ndi velo. Ntchito ndi khadi la A5 ndi bana imodzi.

Kuyeretsa konse kuchitike chithunzi chisanakulitsidwe, chifukwa mukayamba mwachikulitsa katatu kamzere ka mapikiselo awiri kamakhala ka 6 kosaoneka pothera. Thupi lidulidwe ndi Pen Tool, mzere ukudutsa pang'ono m'kati mwa suti osati pa khoma. Pen Tool yoyendetsedwa motero imachepetsa ntchito yotsala, pomwe Magic Wand pa Tolerance ya 32 imaima pamene kuyera kwayamba kutuwa, n'kusiya mapikiselo osakanikirana onse ali kwa munthu. Pa suti ndi pa mutu wa mkwati, Lasso kenako Minimum ya 0.7 kapena 1. Ndolo zisakhudzidwe ndi Minimum, zikonzedwe pa masiki ndi burashi yaing'ono yakuda pa 400%. Tsitsi lipite pa kope yake, Refine Edge Brush ndi Decontaminate Colors, zotsalira zimalizidwe pa leya ya Darken.

Velo ndi nkhani ina. Kuyera kwake ndi kwake, ndipo khoma limaonekera kudutsa mu nsaluyo. Palibe mwa njira zonsezi imene ingasiyanitse ziwirizi. Malire ake adulidwe ndi Pen Tool, kenako pa masiki mupake zakuda ndi burashi yaikulu yofewa, Opacity cha pa 30%, m'malo mmene khoma limaonekera, kuti buluu alowe pang'ono. Mopindika nsalu ndi m'mphepete mosokedwa musiye moyera. Mu chithunzi chonsechi Defringe ilibe pogwira, kupatula mwina pa chithunzi cha mphete chimene mwatsitsa kuti mukongoletsere ngodya ya khadi.

Wogwiritsa ntchito GIMP atha kutsata ganizo lomweli. Select > Shrink kapena Filters > Generic > Erode pa masiki zimadula, ndipo Colors > Color to Alpha imachotsa zoyera, ngakhale imaboolanso diresi ndi mano ngati simunazungulize m'mphepete mokha.

Ngati mwambo ukadali kutali, pemphani kuti chithunzi atumizenso ngati Document pa WhatsApp kuti chibwere chathunthu. Pa chithunzi cha mapikiselo 4000, kudula pikiselo imodzi sikuonekera n'komwe. Ndipo ngati sanajambulitse, auzeni aime masitepe awiri kuchoka pa khoma, kuwala kwa pa tsaya kuja kumachepa kokha.

Kamzere kamatha kubwereranso potulutsa fayilo, makamaka ngati anthu odulidwawo mukuwapititsa mu CorelDRAW kapena mukutumiza kwa osindikiza bana ku Lilongwe kuti akaike okha kumbuyo. Mu Save for Web, GIF ndi PNG-8 sizisunga mapikiselo oonekera pang'ono, ndiye zimawasakaniza ndi mtundu umene uli pa Matte, ndipo kawirikawiri pamenepo pamakhala zoyera. Sankhani PNG-24 mutachonga Transparency, kapena tumizani PSD kapena TIFF yokhala ndi maleya ake. Fayiloyo muitsegulenso, muiike pa mtundu wakuda, muyang'ane phewa ndi tsitsi pa 300% musanaitumize.